Ndalama za bungwe si za mamembala: zomwe timasayinira polemba malamulo a gulu lathu ku Joni

Magulu ambiri a Amalawi kuno ku Johannesburg amayamba popanda pepala lililonse. Anthu ochokera boma limodzi, kapena opemphera mpingo umodzi, amagwirizana kuti azisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi. Wina amasankhidwa kuti azisunga ndalama, wina azilemba mayina m'kope, ndipo zinthu zimayenda. Pepala limadzafunika tsiku lomwe gulu lapita ku banki kukatsegula akaunti, kapena lapeza munthu wofuna kuthandiza amene wafunsa kuti, "Kodi munalembetsa ku boma?" Apa m'pamene mlembi amathamanga kukabwereka malamulo a bungwe lina, kusinthamo dzina lokha, akomiti n'kusayinira osawerenga. Komatu m'pepalalo mumakhala ziganizo ziwiri kapena zitatu zomwe zimasintha umwini wa ndalama zonse zomwe anthu akhala akusonkha, ndipo ambiri amadzazimva koyamba tsiku la mkangano.

Lamulo lomwe limayang'anira mabungwe osapanga phindu ku South Africa ndi Nonprofit Organisations Act, lamulo nambala 71 la chaka cha 1997, ndipo ofesi yolembetsa ili pansi pa unduna wa Social Development. Bungwe likalembetsedwa limalandira setifiketi ndi nambala ya NPO, chomwe ndi chidule cha dzina la Chingerezi la bungwe losapanga phindu. Kulembetsako n'kwaulere, ndipo lamulo limapatsa ofesiyo miyezi iwiri kuti iwunike pempho lanu. Gulu lingasankhe kukhala kampani yosapanga phindu yolembetsedwa ku ofesi yolembetsa makampani ya CIPC, kapena thirasiti yolembetsedwa ku ofesi ya khoti lalikulu, koma magulu a m'madera ngati Rosettenville, Turffontein, Yeoville kapena Diepsloot nthawi zambiri amatenga njira yapafupi: bungwe la anthu ongogwirizana mwa kufuna kwawo. Anthu atatu kapena kuposerapo akagwirizana pa cholinga chimodzi n'kulemba malamulo awo, bungwe labadwa. Pa bungwe la mtundu umenewu palibe chikalata china chokulirapo kuposa malamulowo. Makhoti amawaona ngati pangano pakati pa mamembala, ndipo mkangano ukafika kwa woweruza, chinthu choyamba chomwe amatsegula ndi pepala lomwe munasayina lija.

Ndime 12 ya lamulo la 1997 imatchula zinthu zomwe malamulo a bungwe ayenera kukhala nazo kuti lilembetsedwe. Zina n'zosavuta: dzina la bungwe, mphamvu zake, tsiku lomwe chaka chake cha zachuma chimatha, ndiponso kuti ndalama zake zizidutsa ku akaunti ya banki. Zomwe zimafuna kuti anthu akhale pansi n'kumvetsetsana ndi izi. Malamulowo ayenera kunena kuti bungwe ndi chinthu choima pachokha, chosiyana ndi anthu omwe ali m'menemo, ndipo lidzapitirira ngakhale mamembala ndi atsogoleri asinthe. Ayenera kunena kuti membala kapena mtsogoleri alibe gawo pa katundu wa bungwe chifukwa chongokhala membala. Ayeneranso kunena kuti ndalama ndi katundu wa bungwe sizingagawidwe kwa mamembala kapena atsogoleri, kupatula ngati malipiro oyenera a ntchito yomwe munthu wagwiradi.

Tiyerekeze gulu la anthu 60, aliyense akusonkha R50 pamwezi. Pamwezi zimakwana R3 000, pachaka R36 000. Mayi wina wasonkha mokhulupirika zaka zinayi, ndiye kuti waponyamo R2 400, ndipo tsopano akubwerera kwawo ku Mzimba. Akubwera kwa msungichuma kuti, "Achimwene, ine ndikupita kumudzi, ndipatseniko zanga zija." Ngati gululi linasayina malamulo a bungwe losapanga phindu, msungichuma alibe mphamvu yowapatsa ngakhale randi imodzi. Ndalama ija itangolowa mu akaunti inasiya kukhala ya mayiwo. Sinakhalenso ya anthu 60 aja onse pamodzi, koma ya bungwe. Kwa munthu yemwe wakulira m'chipereganyu ndi banki m'khonde, komwe aliyense amadziwa masheya ake ndipo pakutha pa chaka mumagawana, nkhani imeneyi imamveka ngati kulanda. Ndiye chifukwa chake ine ndimaona kuti chiganizochi chiyenera kuwerengedwa mokweza m'Chichewa pa msonkhano woyamba, aliyense amve, asanaponye ndalama yake.

Ubwino wake uli mbali inayo. Popeza bungwe likuima palokha, likhoza kuchita lendi holo, kugula mipando, kutsegula akaunti ndi kusumira munthu m'dzina lake, osati m'dzina la wapampando. Likakhala ndi ngongole, mwini holo amalonjerera bungwe, sangapite kukanyamula firiji ya membala. Pa chifukwa chimenechi malamulo abwino amawonjezera chiganizo chonena kuti mamembala ndi atsogoleri sadzalipira ngongole za bungwe ndi ndalama za m'thumba mwawo chifukwa chongokhala mamembala. Chitetezo chimenechi sichiphimba munthu amene waba kapena wachita zachinyengo.

Tsopano nkhani ya zolinga. Lamulo limafuna kuti mutchule cholinga chachikulu ndi zolinga zothandizira. Anthu amakonda kulemba mawu otambalala ngati "kutukula Amalawi onse okhala ku South Africa", poganiza kuti akalemba motero adzakhala ndi ufulu wochita chilichonse. Mawu otere sathandiza ofesi yolembetsa kumvetsa ntchito yanu, ndipo sathandiza komiti tsiku lomwe wina wabwera ndi ganizo loti ndalama za bungwe zigulire mayunifomu timu ya mpira ya mphwake. Cholinga chabwino chimanena kuti mudzachita chiyani, kwa yani, ndiponso kuti. Gulu lathu la anthu 60 lija likhoza kulemba kuti cholinga chake chachikulu n'kuthandiza ana a mabanja ovutika a m'dera la kumwera kwa Johannesburg ndi maphunziro a masana akaweruka kusukulu. Zolinga zothandizira zingakhale kufunafuna ndalama, kuchita lendi malo ophunzirira, ndi kugwira ntchito limodzi ndi mabungwe ena a zolinga zofanana. Zikalembedwa chonchi, komiti ikagwiritsa ntchito ndalama pa chinthu chomwe sichikukhudzana ndi zolingazo, membala aliyense ali ndi poyambira kufunsa, chifukwa komiti ilibe mphamvu yoposa yomwe malamulo aipatsa.

Pa zolinga pomwepa pali nkhani ya maliro, ndipo sitingailambalale chifukwa ndi imene imabala magulu athu ambiri. Munthu akamwalira kuno, abale amafuna kuti thupi likaikidwe kumudzi, ndipo ulendo wa pamsewu wodutsa Beitbridge, Zimbabwe ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena Dedza umadya ndalama zambiri. Gulu limagwirizana kuti aliyense azisonkha, ndipo membala akamwalira banja lake lidzalandira ndalama yakutiyakuti. Ndi ntchito yabwino kwambiri, koma lamulo limati bungwe losapanga phindu ndi lokhazikitsidwa pa cholinga chothandiza anthu ambiri, osati kuti osonkhawo azibwezerana okha. Komanso mukalonjeza munthu kuti akamalipira mwezi ndi mwezi banja lake lidzalandira ndalama yodziwika iye akamwalira, mwayamba kuyandikira ntchito ya inshulansi, yomwe ili ndi malamulo akeake ndi oiyang'anira ake. Chimodzimodzinso chipereganyu, chomwe eni dziko kuno amati sitokofela: gulu logawana ndalama pakutha pa chaka silingalembetsedwe ngati NPO, ngakhale mabanki ali ndi maakaunti opangidwira magulu otere.

Njira yomwe ndimaiona yoongoka n'kulekanitsa matumba. Thumba la maliro kapena la chipereganyu likhale ndi malamulo ake, akaunti yake ndi kope lake. Bungwe lothandiza ana kapena osowa likhale ndi zake. Anthu akhoza kukhala omwewo, kukumana tsiku lomwelo pa holo yomweyo, koma ndalama zisakumane. Mukaziphatikiza, tsiku lina munthu yemwe anapereka R20 000 yogulira mabuku a ana adzapeza kuti theka lake linapita pa galimoto yonyamula maliro, ndipo palibe kalata yomwe idzafotokoze zimenezo bwino. Ngati bungwe likufuna kuthandizako mabanja osowa pa nthawi ya maliro, mosayang'ana kuti womwalirayo anali membala kapena ayi, chimenecho chilembedwe poyera m'zolinga, ndi malire a ndalama zomwe komiti ingatulutse.

Palinso chinthu chomwe chinasintha mu 2023 chomwe chimatikhudza ife kuposa magulu a eni dziko. Kwa zaka zambiri kulembetsa ngati NPO kunali kwa amene akufuna. Lamulo nambala 22 la 2022, lolimbana ndi kubisa ndalama zobedwa komanso kuthandiza zauchifwamba, linasintha zimenezi kuyambira mu Epulo 2023. Tsopano bungwe lomwe limapereka thandizo kwa anthu kapena mabungwe a kunja kwa South Africa, kapena kugwira ntchito zachifundo, zachipembedzo, zamaphunziro kapena zachikhalidwe kunja kwa dzikoli, likuyenera kulembetsa. Ganizirani mmene magulu athu anasonkhera zovala ndi ndalama namondwe wa Freddy atasakaza Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Marichi 2023, kapena mmene timatumizira fizi ya ana amasiye ndi malata a tchalitchi kumudzi. Bungwe lomwe limachita zotere lilembe m'zolinga zake kuti lidzagwiranso ntchito ku Malawi, lilembetse, ndipo ndalama iliyonse yodutsa malire ichoke mu akaunti ya bungwe, ikhale ndi umboni wa komwe yapita. Kupatsira dalaivala wa basi envulopu pa Park Station popanda risiti kungakhale kwachangu, koma msungichuma adzasowa cholemba m'buku.

Za umembala lamulo silikakamiza zambiri. Limangoti malamulo a bungwe angathe kunena za amene angalowe, ndalama zolipira, mmene munthu angachotsedwere ndi komwe angakadandaule. Popeza n'zosakakamiza, magulu ambiri amalembapo mzere umodzi n'kudutsa. Koma mavoti onse a bungwe amatsamira pa funso loti membala ndani. M'gulu lathu lija muli mayina 60 m'kope, koma ena anasamukira ku Cape Town, ena anabwerera kumudzi, ena sanasonkhe chichokereni Khirisimasi. Tsiku la chisankho onse amene ali pafupi amatulukira, ena atabwera ndi akazi awo ndi alamu awo, ndipo mkangano umayamba manja asanakwezedwe. Malamulo anene kuti munthu amakhala membala akadzaza fomu, komiti n'kumuvomera, dzina lake n'kulowa m'kaundula yemwe mlembi amasunga. Anene kuti wovota ndi amene walipira mpaka mwezi wapitawo. Anenenso kuti munthu akapanda kulipira miyezi ingati, tinene itatu, amalandira chikumbutso, ndipo akapitirira osalipira umembala wake umaima. Kuno ntchito zimatha mwadzidzidzi, choncho n'kwanzeru kupatsa komiti mphamvu yopumitsako munthu yemwe ntchito yamuthera kapena akudwala, bola chigamulocho chilembedwe m'maminitsi kuti pasakhale kukondera.

Kuchotsa munthu m'bungwe ndiye kumafuna kusamala kwambiri. Sikokwanira kuti akomiti akwiya n'kumutulutsa pa gulu la WhatsApp usiku. Malamulo atchule zolakwa zomwe zingachotsetse munthu, ndipo anene kuti woganiziridwayo adzalandira kalata yofotokoza mlandu wake, adzapatsidwa masiku okwanira okonzekera, ndipo adzamvedwa mbali yake chigamulo chisanaperekedwe. Amene akudandaula asakhale nawo pa gulu loweruza. Wochotsedwayo akhale ndi mwayi wokadandaula ku msonkhano wa mamembala onse. Makhoti a kuno amatha kufafaniza chigamulo cha bungwe ngati silinatsate malamulo ake omwe kapena silinamve mbali ya munthuyo, ndipo ndalama zolipira loya pa mlandu umodzi wotere zingathe kuposa zomwe gulu limasonkha pachaka.

Tikafika pa atsogoleri, maudindo ake tonse timawadziwa: wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi mamembala ena angapo a komiti. Chiwerengero chonse chikakhala chosagawika pawiri, monga 5 kapena 7, mavoti safanana kawirikawiri. Chofunika kulemba ndi kutalika kwa nthawi yawo pampando, kangati angasankhidwenso, ndi mmene angachotsedwere nthawi yawo isanathe. Pewani chiganizo chopatsa woyambitsa bungwe mpando wa moyo wonse, ngakhale atakhala munthu wabwino chotani. Ngati mudzafune kuti ofesi yotolera misonkho ya SARS ivomereze bungwe lanu ngati lothandiza anthu kuti lisamalipire msonkho pa ndalama zomwe limalandira, pansi pa ndime 30 ya lamulo la msonkho la 1962, padzafunika anthu osachepera atatu osakhala pachibale kapena paubale wa bizinesi omwe avomera udindo woyang'anira chuma cha bungwe, ndipo pasakhale munthu mmodzi wolamulira zigamulo zonse. Komiti yomwe bambo ndi wapampando, mayi msungichuma, mwana wawo mlembi, siingadutse pamenepo. Dziwaninso kuti setifiketi ya NPO payokha siichotsa msonkho; kumeneko n'kupempha kwina, ku ofesi ina.

Kusintha kwa 2022 kuja kunabweretsanso mndandanda wa anthu omwe sangakhale atsogoleri a bungwe lolembetsedwa, monga amene khoti linamugamula kuti walephera kubweza ngongole zake ndipo sanamasulidwe, amene anapezeka wolakwa pa milandu ina ya kuba, chinyengo kapena katangale, ndi mwana wosafika zaka 18. Ndi bwino kuzilemba m'malamulo anu, ndipo aliyense wopikisana nawo asayine kuti sizikumukhudza.

Pali vuto lina lomwe malamulo obwereka kwa magulu a eni dziko saliganizira. Ife timapita kumudzi, ndipo si onse amene amabwerera pa nthawi yomwe ananena. Msungichuma akhoza kupita ku Mangochi mu Disembala poganiza kuti abwera Januwale, n'kupezeka kuti mayi ake adwala, kapena mapepala ake okhalira kuno atha ndipo sangalowenso msanga. Ngati malamulo sanena kanthu, akaunti imakhala yotsekeka kwa miyezi, aphunzitsi a ana osalandira kanthu, lendi ya holo ikuwunjikana. Lembani kuti mtsogoleri yemwe wajomba misonkhano itatu yotsatizana popanda chilolezo wasiya udindo, ndipo komiti ili ndi mphamvu yoika wina wogwirizira mpaka msonkhano waukulu wa pachaka. Lembaninso kuti osayinira ku banki akhale atatu, ndipo awiri aliwonse mwa iwo avomereze ndalama isanatuluke. Masiku ano ndalama zambiri zimatuluka pa foni, choncho funsani banki kuti iike dongosolo loti munthu mmodzi akalemba malipiro, wachiwiri avomereze pa foni yake. Popanda zimenezi lamulo la anthu awiri lija limangokhala papepala, khadi ndi nambala yachinsinsi zili m'thumba la munthu mmodzi. Banki idzafuna malamulo osayinidwa, maminitsi osonyeza amene asankhidwa kusayinira, ziphaso zawo ndi umboni wa komwe amakhala, monga mmene lamulo la FICA la 2001, lolimbana ndi kubisa ndalama zobedwa, limafunira, ndiye posankha osayinira muganizire amene mapepala awo ali bwino.

Misonkhano nayo lamulo limafuna kuti mufotokoze mmene imaitanidwira, chiwerengero cha anthu ofunika kuti msonkhano ukhale wovomerezeka, chomwe timati koramu, ndi kalembedwe ka maminitsi. Apa magulu amadzimanga okha. Amalemba kuti koramu ndi oposa theka la mamembala onse. Pa mayina 60 ndiye kuti anthu 31. Koma ambiri mwa ife timagwira ntchito za m'nyumba, za m'magadeni, zaulonda ndi za m'malesitilanti, ndipo Lamlungu lomwe wina wapuma, mnzake ali pa shifiti. Pabwera anthu 24, ndiye kuti msonkhano sungagamule kanthu, ndipo ukagamula, aliyense wosakondwa akhoza kudzanena kuti chisankho chija chinali chosavomerezeka. Mukalemba kuti koramu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mamembala olipira, ndipo olipira alipo 42, anthu 14 akukwanira. Onjezani kuti koramu ikapanda kukwana, msonkhano uimitsidwe kwa masabata awiri, onse adziwitsidwenso, ndipo pa tsiku lachiwirilo amene abwera ndiwo koramu. Ngati mumaitanirana pa foni, malamulo anene kuti uthenga wa pa foni ndi chidziwitso chovomerezeka, komanso ngati munthu angalowe msonkhano ndi kuvota ali kutali.

Tsiku lotsekera chaka cha zachuma lisasankhidwe mwachisawawa, chifukwa masiku ena onse amawerengedwa kuchokera pamenepo. Tinene kuti mwasankha kutha kwa Febuluwale. Lamulo limapereka miyezi isanu ndi umodzi yokonzera malipoti a zachuma, kutanthauza pofika kutha kwa Ogasiti. Kenako wowerengera chuma wovomerezeka ndi bungwe la akatswiri a ntchitoyi amawaunika n'kulemba lipoti lake pasanathe miyezi iwiri. Pasanathe miyezi isanu ndi inayi chitsekereni chaka, kutanthauza pofika kutha kwa Novembala, malipoti a zachuma ndi lipoti lofotokoza ntchito zomwe mwagwira ayenera kufika ku ofesi ya NPO. Msonkhano waukulu wa pachaka ukwane bwino pakati pamenepa, mwina mu Seputembala kapena Okutobala, anthu asanayambe kulongedza za ulendo wa Khirisimasi. Mukasankha atsogoleri atsopano, mayina awo atumizidwe ku ofesiyo pasanathe mwezi umodzi. Bungwe lomwe silitumiza malipoti limalandira kalata yochenjeza, ndipo likapanda kukonza zinthu limafufutidwa m'kaundula.

Ndime yomaliza, ya kutha kwa bungwe, ndiyo yomwe anthu safuna kuikamba. Ena amati kukamba za kutha tsiku lomwe mukuyamba n'kulodza ntchito. Koma lamulo silingalembetse bungwe lomwe silinafotokoze mmene lidzathere, ndipo limanena mosapsatira kuti ngongole zonse zikalipiridwa, chotsala chiyenera kuperekedwa ku bungwe lina losapanga phindu lomwe lili ndi zolinga zofanana ndi zanu.

Tibwerere ku gulu lathu patapita zaka. Ambiri abalalika, olipira atsala 19, ndipo palibenso wofuna kukhala m'komiti. Mu akaunti muli R48 000. Pali mipando, mabuku ndi kompyuta imodzi. Mlembi akutumiza chidziwitso cha msonkhano wapadera, ndipo m'chidziwitsomo alembe poyera kuti nkhani yake ndi yothetsa bungwe, chifukwa nkhani yotere siyenera kutulukira mwadzidzidzi kumapeto kwa msonkhano wamba. Chitsanzo cha malamulo chomwe unduna wa Social Development umapereka chimati pavomereze magawo awiri mwa atatu a mamembala omwe abwera ndi kuvota. Pabwera anthu 15, ndiye pakufunika mavoti 10. Chigamulo chikadutsa, msonkhano womwewo usankhe anthu awiri kapena atatu oti amalize ntchito yotseka. Iwowa alipira R6 500 ya lendi yotsalira ndi R3 500 ya wowerengera chuma. Zatsala R38 000.

Apa m'pamene wina amatulutsa foni n'kuwerengera kuti R38 000 pa anthu 19 ndi R2 000 aliyense, ndipo amanena mawu omveka bwino: "Abale anga, ndalamazi ndi thukuta lathu, tipatsirenji anthu osawadziwa?" Mtima wake ndikuumvetsa. Koma m'ndalamazo muli zopereka za anthu 41 omwe anachoka osatenga kanthu, kuphatikizapo mayi a ku Mzimba aja, ndipo mwina muli za anthu akufuna kwabwino omwe anapereka chifukwa cha ana. Kugawana kungakhale kuphwanya malamulo omwe gulu linasayina, ndipo atsogoleri omwe asayinira kuti ndalamazo zituluke ndiwo angadzayankhe mlandu. Ndalamazo, mipando, mabuku ndi kompyuta zipite ku bungwe lina lophunzitsa ana, lomwe msonkhano womaliza wasankha. Ngati munthu wina anapereka ndalama pa pangano loti zotsala zidzabwezedwe kwa iye, zimenezo zibwezedwe kaye musanawerenge chotsala. Ngatinso membala anangobwereketsa chinthu chake, monga sipika kapena tebulo, chimenecho si cha bungwe, ndipo kope la katundu losonyeza chogulidwa, chopatsidwa ndi chobwerekedwa limathetsa mkangano wotere msanga.

Funso lomwe Amalawi amafunsa kawirikawiri n'lakuti kodi zotsalazo sizingatumizidwe kumudzi, ku sukulu kapena malo osamalira ana amasiye. Ngati bungwe linavomerezedwa ndi SARS pansi pa ndime 30 ija, njira imeneyo njotsekeka, chifukwa lamulo la msonkho limafuna kuti chotsala chipite ku bungwe lina lomwe SARS inavomereza, ku mabungwe ena ochepa otchulidwa m'lamulomo, kapena ku boma la South Africa. Kwa bungwe lomwe lili ndi setifiketi ya NPO yokha, njira yopanda zovuta n'kupereka ku bungwe lina lolembetsedwa kuno, ndipo mukhoza kusankha lomwe limathandiza anthu a kwathu. M'malamulo musalembe dzina la bungwe limodzi lodzalandira, chifukwa likhoza kutha inu musanathe. Lembani mtundu wa bungwe, n'kusiyira msonkhano womaliza mphamvu yosankha. Onjezani kuti ngati mamembala abalalika moti msonkhano sungachitike, atsogoleri otsala ndiwo asankhe. Chiganizo chimenechi chikasowa, ndalama zimatha kukhala mu akaunti yopanda woigwira, banki ikudula zake mwezi ndi mwezi mpaka zitatha. Ntchito yotseka ikatha, ofesi ya NPO idziwitsidwe mwa kalata pasanathe mwezi umodzi, pamodzi ndi makope a zikalata zotsimikizira ndi malipoti omaliza.

Kusintha malamulo kumayenda mofanana: chidziwitso chokhala ndi mawu enieni omwe akufuna kusinthidwa, mavoti ochuluka monga magawo awiri mwa atatu, kenako kutumiza chigamulocho ku ofesi ya NPO kuti chilembedwe. Ziganizo zoletsa kugawana chuma ndi zonena za komwe chotsala chidzapite sizingachotsedwe ndi voti ngati mukufuna kukhalabe olembetsedwa.

Pepala lopita ku ofesi ndi ku banki lidzakhala m'Chingerezi, popeza Chichewa sichili m'gulu la zilankhulo 12 za boma la South Africa. Koma mamembala ambiri amamva bwino Chichewa, ena Chitumbuka kapena Chiyao. Konzani malamulo omwewo m'Chichewa, ndime ndi ndime ndi manambala ofanana, ndipo muikemo chiganizo chonena kuti pakakhala kusiyana, la Chingerezi losayinidwa ndilo lidzatsatidwe. Pa msonkhano wovomereza malamulo, mlembi alembe tsiku, malo ndi mayina a onse omwe abwera, atsogoleri asayine kumapeto ndi kuika zilembo zoyamba za mayina awo pa tsamba lililonse, ndipo munthu aliyense wolowa pambuyo pake alandire kope lake la Chichewa asanalipire R50 yake yoyamba.